Kupusha kapena dilipi? Mafunso ndi mayankho pa liwiro loperekera maantibayotiki mu mtsempha

Ophunzira unamwino ambiri amaloweza msanga zoyenera kutsimikiza asanapereke mankhwala: wodwala wake ndi ameneyu, mankhwala ake ndi amenewa, mlingo wake ndi umenewu, nthawi yake yakwana. Chimene chimatsalira m'mbuyo ndi liwiro. Komatu mankhwala a mu mtsempha akangolowa alowa, simungawabweze. Wodwala amene wameza piritsi amatetezedwa ndi m'mimba mwake, chifukwa matumbo amalowetsa mankhwala m'magazi pang'onopang'ono. Mu mtsempha mulibe chotchinga chotere. Amene akulamula liwiro ndi chala chanu pa sirinji kapena kagudumu ka pa chubu cha dilipi. Ziwerengero zili m'munsimu ndi za akuluakulu, kupatula pamene tanena kuti ndi za ana, ndipo kapepala kobwera ndi mankhwalawo pamodzi ndi malangizo a chipatala chimene mukuphunzirira ndiwo ali ndi mawu omaliza.

Kodi "kupusha" si ndiye kuti kubaya mofulumira?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera. Kupusha kumangotanthauza kuti mankhwala akuchoka mu sirinji n'kulowa mu kanyula ndi dzanja lanu, osati kudontha kuchokera m'thumba la dilipi. Maantibayotiki ambiri ololedwa kupusha amafuna mphindi 3 mpaka 5, ndipo ena amafuna zoposa pamenepo. Kutsiriza sirinji ya 10 ml m'masekondi 20 si kupusha ayi, kumeneko n'kuthira mankhwala mumtima.

Dilipi ya kanthawi ndi njira inayo. Mankhwala amasungunulidwa m'madzi ambiri, kawirikawiri 50 ml mpaka 250 ml, n'kumalowa kwa mphindi 20, 30, ola limodzi kapena kuposerapo. Kusiyana kwa njira ziwirizi kuli pa zinthu ziwiri: kukhathamira kwa mankhwala pamene akukhudza khoma la mtsempha, ndi kuchuluka kwa mankhwala amene akufika kumtima ndi kuubongo pa mphindi iliyonse.

Mlingo ukakhala womwewo, n'chifukwa chiyani liwiro likhala nkhani?

Munthu wamkulu ali ndi magazi okwana pafupifupi malita 5, ndipo akakhala phee mtima wake umapopa pafupifupi malita 5 omwewo pa mphindi imodzi. Mukapereka galamu imodzi ya mankhwala kwa mphindi 5, magazi amakhala azungulira thupi kangapo konse mankhwalawo akulowa. Kachigawo kalikonse kamakumana ndi magazi atsopano, kamasungunuka, ndipo kena kamayamba kale kulowa m'minofu. Mukapereka galamu yomweyo m'masekondi 15, mankhwala onse amakwera m'magazi ochepa chabe, n'kuyenda ngati chigulu chimodzi. Chigulu chimenechi chimafika kumtima m'masekondi owerengeka, n'kudutsa m'mapapo, kenako kuubongo, chisanasungunuke mokwanira.

Ndiye kuti kwa kanthawi kochepa mtima ndi ubongo zimalandira mankhwala okhathamira kwambiri kuposa mmene dokotala anafunira, ngakhale kuti mlingo wolembedwa pa tchati sunalakwike. Wodwala amatha kumva kutentha kumaso, mutu kupweteka mwadzidzidzi, chifuwa kuthina, chizungulire, mtima kugunda mosalongosoka, bipi kutsika, ndipo zikafika poipa amakomoka kapena mtima kuima kumene. Zimenezi zimachitika singano ili m'manja, kapena patangopita mphindi zochepa.

Palinso mtsempha weniweniwo. Mitsempha ya kuseri kwa dzanja ndi yaing'ono ndipo magazi ake amayenda pang'ono. Mankhwala okhathamira akathamangitsidwa m'menemo amawotcha khoma lake lamkati. Lero wodwala amangoti "zikuwotcha", mawa mupeza mzere wofiira, wolimba ngati chingwe, wotentha mukaugwira, kanyula yafa. Wodwala amene akufunika jakisoni kanayi pa tsiku kwa masiku 7 alibe mitsempha yoti tiziwononga chonchi.

Ndi maantibayotiki ati amene ndingapushe, nanga kwa nthawi yaitali bwanji?

Ambiri mwa iwo ndi a m'banja la penisilini ndi abale ake. Seftirayakisoni wa 1 g amasungunulidwa mu 10 ml ya madzi osungunulira jakisoni, n'kuperekedwa kwa mphindi pafupifupi 5. Mlingo ukafika 2 g, njira yabwino ndi dilipi ya mphindi zosachepera 30. Ampisilini wa 500 mg amafuna mphindi 3 mpaka 5, koma wa 1 g kapena 2 g amafuna mphindi 10 mpaka 15. Ambiri amadabwa akamva zimenezi, chifukwa anazolowera kuona ampisilini akutha m'kuphethira kwa diso. Benzilopenisilini, amene m'mawodi amatchedwanso ekisipeni, akapitirira 1.2 g asalowe mofulumira kuposa 300 mg pa mphindi. Kumbukirani kuti 600 mg ndi mayunitsi miliyoni imodzi, choncho mlingo wa mayunitsi 4 miliyoni ndi 2.4 g, ndipo 2,400 kugawa ndi 300 zikupereka mphindi 8 kapena kuposerapo.

Chifukwa cha malire amenewa ndi ubongo. Penisilini ndi abale ake akachuluka kwambiri m'magazi amasokoneza dongosolo limene limakhazika pansi maselo a muubongo, ndipo wodwala amayamba kugwedezeka minofu kapena kugwa ngati wakhunyu. Amene ali pachiopsezo chachikulu ndi odwala impso, okalamba, makanda, ndiponso odwala matenda oumitsa khosi, amene amalandira milingo ikuluikulu pamene chotchinga cha pakati pa magazi ndi ubongo chafooka kale ndi matendawo.

Jentamayisini angathe kupushidwa kwa mphindi zosachepera 3, koma mlingo waukulu wa kamodzi pa tsiku, wa 5 mg mpaka 7 mg pa kilogalamu, zipatala zambiri zimaupereka pa dilipi ya mphindi 30 mpaka 60.

Nanga ati amene sapushidwa ngakhale zitavuta motani?

Vankomayisini ndiye woyamba kumukumbukira, ndipo tamufotokoza payekha m'munsimu. Kilindamayisini sabayidwa mu mtsempha asanasungunulidwe, ndipo asapitirire 30 mg pa mphindi. Mlingo wa 600 mg umathiridwa mu 50 ml kapena kuposerapo n'kuyenda kwa mphindi zosachepera 20. Akathamangitsidwa amagwetsa bipi ndipo angathe kuimitsa mtima. Azifuromayisini wa 500 mg amafuna ola lathunthu kapena kuposerapo. Sipurofulokisasini wa 400 mg amafuna ola limodzi, wa 200 mg theka la ola. Metironidazo amabwera wosungunula kale, 500 mg mu 100 ml, ndipo botololi lisathe mphindi 20 zisanakwane.

Pali mankhwala awiri amene sitikambanso za liwiro, chifukwa saloledwa n'komwe mu mtsempha: benzafini penisilini ndi purokeni penisilini. Amenewa ndi obaya mumnofu basi. Akasungunulidwa amakhala oyera ngati mkaka chifukwa muli timibulu tosasungunuka, ndipo timibulu timeneti tikalowa mu mtsempha timakatseka timitsempha ta m'mapapo, wodwala n'kufa. Mayina ake amafanana kwambiri ndi benzilopenisilini, choncho werengani dzina lonse pa kabotolo mpaka kumapeto. Antibayotiki wa mu mtsempha amayenera kukhala woonekera mkati, wopanda timibulu, akasungunuka. Mukaona mu sirinji muli zoyera ngati mkaka, imani kaye, funsani.

Mphindi 5 ndi dzanja ndingazikwanitse bwanji osathamanga?

Popanda wotchi simungathe, chifukwa munthu akaimirira pambali pa bedi masekondi 40 amaoneka ngati mphindi zitatu. Gawani madzi a mu sirinji ndi nthawi musanayambe. Sirinji ya 10 ml kwa mphindi 5 ndiye kuti 2 ml pa mphindi, kapena theka la mililita pa masekondi 15 aliwonse. Kankhani pang'ono, imani, yang'anani nkhope ya wodwala, yang'anani pamalo a kanyula, yang'anani wotchi, kankhaninso. Ngati pali mpando khalani pansi. Munthu amene wawerama msana ukumuwawa amathamanga osadziwa.

Musanalumikize mankhwala, onani kanyula ngati palibe kutupa, kufiira kapena kutuluka madzi. Pukutani pakamwa pake ndi kathonje ka sipiriti kwa masekondi 15, muleke paume. Tsukani ndi selaini wa 0.9%, 5 ml mpaka 10 ml. Selainiyu akamalowa mosavuta, wodwala osamva kuwawa, khungu osafufuma, ndiye kuti kanyula ili mu mtsempha. Akamalimba musakakamize. Ndi bwino kuti amene watulukira kunja kwa mtsempha akhale selaini osati mankhwala.

Kutsuka komaliza ndi kumene ambiri amalakwitsa. Sirinji ya mankhwala ikatha, mu kanyula ndi mu kachubu kowonjezera, ngati kalipo, mumatsalira mankhwala. Mukakankha selaini mwamphamvu, mankhwala otsalawo amalowa onse nthawi imodzi. Choncho mamililita oyamba a selaini wotsukira alowe pa liwiro lomwelo limene munaperekera mankhwala.

Muuzeni wodwala musanayambe, momveka: "Amayi, mankhwalawa ndiwalowetsa pang'onopang'ono kwa mphindi zisanu. Mukamva kuwotcha pa dzanja, kuyabwa, chizungulire kapena kubanika, mundiuze pomwepo, musapirire." Odwala ambiri amapirira poganiza kuti mankhwala amphamvu amayenera kuwawa.

Ndipatseni chitsanzo chonse cha dilipi, kuyambira pa kabotolo mpaka pa madontho

Tiyerekeze kuti bambo wolemera makilogalamu 65 walemberedwa vankomayisini wa 1 g mu mtsempha, ndipo pampu palibe. Malamulo a mankhwalawa ndi awiri. Loyamba, asakhathamire kuposa 5 mg pa mililita akamadutsa pa kanyula ya pa mkono. Lachiwiri, asalowe mofulumira kuposa 10 mg pa mphindi. Mabuku ena amati galamu imodzi iyende kwa ola limodzi kapena kuposerapo, koma mukatsata malire a 10 mg pa mphindi, 1,000 mg ikufuna mphindi 100. Kwa wophunzira, tsatani njira yochedwayi pokhapokha malangizo a chipatala atanena zina.

Ufa wa m'kabotolo umasungunulidwa ndi 20 ml ya madzi osungunulira jakisoni. Zimene zatulukazo ndi 50 mg pa mililita, kukhathamira kakhumi kuposa malire, choncho ngakhale zikukwana mu sirinji sizopusha. Zithireni m'thumba la 250 ml la selaini wa 0.9%, mutembenuze thumbalo kangapo kuti zisakanikirane, mulembepo dzina la wodwala, mankhwala, mlingo ndi nthawi. Tsopano m'thumba muli pafupifupi 270 ml, ndipo mililita iliyonse ili ndi mankhwala osafika 4 mg. Lamulo loyamba lakwaniritsidwa.

Kenako onani pa paketi ya chubu cha dilipi kuti madontho angati amapanga mililita imodzi. Machubu wamba ambiri ndi a madontho 20, a ana ndi a madontho 60, ndipo alipo ena a 15. Musangoganizira, werengani.

```
madontho pa mphindi = (ml × madontho pa ml) ÷ mphindi
(270 × 20) ÷ 100 = 54
```

Madontho 54 pa mphindi ndiye kuti 13 kapena 14 pa masekondi 15, kutsala pang'ono kufika dontho limodzi pa sekondi iliyonse. Werengani kwa mphindi yathunthu koyamba. Ngati pampu ilipo, 270 ml pa mphindi 100 ndi 162 ml pa ola. Lembani nthawi yoyambira ndi yoyenera kuthera: mukayamba 10:00, thumba liyenera kutha cha m'ma 11:40, ndipo pa 10:50 liyenera kukhala pakati. Kuika kachizindikiro pa thumba posonyeza pamene madzi ayenera kukhala pa theka la nthawi kumathandiza aliyense wodutsa kuona ngati dilipi yathamanga.

Tsopano tione pamene zimalakwikira. Bamboyu anali atapinda chigongono pamene mumawerenga madontho, ndipo kanyula ili pafupi ndi popindikirapo. Mutachoka iye wawongola mkono, njira yatseguka, madontho ayamba kuyenda ngati mpopi. Pa 10:25 thumba lauma. Walandira 1,000 mg m'mphindi 25, ndiye kuti 40 mg pa mphindi, kanayi kuposa malire. Mukumupeza akukanda m'khosi, nkhope ndi chifuwa zikutentha, akudandaula kupweteka kwa msana ndi pachifuwa, bipi yatsika kuchoka pa 125/80 kufika pa 95/60. Masamu anali olondola. Chimene chinasowa ndi kubwereranso pakatha mphindi 5 kapena 10 kudzawerenganso madontho.

Kodi zimene zamuchitikira bamboyu ndiye kuti thupi lake limadana ndi vankomayisini?

Nthawi zambiri ayi, ndipo kusiyanitsa zimenezi n'kofunika chifukwa mukalemba molakwika pa fayilo kuti mankhwalawa amamuwenga, mwamutsekera mankhwala amene angadzamupulumutse tsiku lina. Vankomayisini akalowa mofulumira amakhudza mwachindunji maselo osunga hisitamini, maselowo n'kutulutsa hisitamini wambiri. Hisitamini amatanula mitsempha, n'chifukwa chake khungu limatentha ndi kuyabwa kumaso, m'khosi ndi kumtunda kwa thupi, bipi n'kutsika. Zimatha kuchitika pa mlingo woyamba weniweni, ndipo zimadalira liwiro: mukachepetsa liwiro, zimachepa kapena osachitika.

Mabuku amanena za kufiira kwa khungu, koma pa khungu lakuda kufiirako sikuoneka bwino. Musadikire kuona mtundu. Mverani zimene wodwala akunena, onani ngati akukanda, gwirani khungu la pakhosi ndi pachifuwa mumve kutentha, ndipo yezani bipi.

Chochita ndi ichi: tsekani dilipi pomwepo, musachotse kanyula, yezani bipi, kugunda kwa mtima, kapumidwe ndi mpweya wa m'magazi, ndipo itanani namwino wamkulu ndi dokotala. Ngati mukufuna kuyamba selaini, gwiritsani chubu chatsopano, chifukwa m'chubu chakale mwadzaza mankhwala omwewo. Zizindikiro zikakhala zazing'ono, dokotala kawirikawiri amalemba mankhwala oletsa hisitamini, ndipo zikatha dilipi imayambidwanso pa theka la liwiro loyamba. Pa fayilo lembani zimene zinachitika zenizeni: mlingo, mphindi zimene unatenga, zizindikiro ndi chithandizo.

Koma mukaona milomo, lilime kapena zikope zikutupa, mawu akusasa, kupuma kukulira ngati mluzu, zidzolo zotupa thupi lonse, kapena wodwala akufooka msanga bipi itagweratu, musataye nthawi kusiyanitsa. Chitani ngati ndi kuwengedwa kwenikweni koopsa: imitsani mankhwala, itanani thandizo, mugonekeni chagada miyendo itakwezedwa ngati akutha kupuma atagona, mupatseni okosijeni, ndipo adirenalini wa 0.5 mg, amene ndi 0.5 ml ya 1:1000, abayidwe mumnofu wa kunja kwa ntchafu, n'kubwereza pakatha mphindi 5 ngati sizikusintha. Mankhwala amene achita zimenezi sayambidwanso ngakhale pang'onopang'ono.

Ndiye kuti ndikapereka pang'onopang'ono, wodwala amene penisilini amamuwenga akhala bwino?

Ayi. Kuwengedwa kwenikweni kumayamba ndi kachigawo kochepetsetsa ka mankhwala, ndipo kuchedwetsa sikuletsa. Phindu la kupereka pang'onopang'ono pamenepa ndi limodzi lokha: mukaona chizindikiro pa mphindi yoyamba, mumaima mankhwala ambiri akadali mu sirinji. Kufunsa wodwala musanabaye ngati mankhwala ena anamuwengapo sikulowedwa m'malo ndi china chilichonse.

Tinaphunzira kuti jentamayisini amapha bwino mabakiteriya akachuluka kwambiri m'magazi. Bwanji osamuthamangitsa kuti achuluke?

Funso limeneli ndi labwino, chifukwa theka lake ndi loona. Jentamayisini amapha molingana ndi msinkhu wapamwamba umene wafika m'magazi, n'chifukwa chake amaperekedwa mlingo waukulu kamodzi pa tsiku m'malo mwa timilingo tating'ono katatu. Koma msinkhu umene ukufunikawo ndi umene umakhalapo mankhwala atafalikira m'thupi ndi kufika pamene pali matenda, ndipo umenewu umachokera ku kukula kwa mlingo. Chigulu cha masekondi ochepa chodutsa mumtima sichiwonjezera kanthu pa kupha mabakiteriya, chimangowonjezera ngozi.

Ngozi yake ndi kufooka kwa minofu. Jentamayisini amatha kutchinga uthenga wochoka mu minyewa kupita ku minofu, kuphatikizapo minofu yopumira. Chenjerani kwambiri ndi wodwala amene wangochoka ku fiyeta atalandira mankhwala ofewetsa minofu, amene ali ndi matenda ofooketsa minofu, komanso mayi amene akulandira magineziyamu salifeti, chifukwa mankhwala amenewanso amafooketsa minofu mwa njira yofanana. Mayi wotere akalandira jentamayisini, werengani kapumidwe kake musanapereke ndiponso mutapereka. Za impso ndi makutu, zimenezo zimadalira kwambiri kuchuluka kwa masiku ndi kuunjikana kwa mankhwala m'thupi, choncho liwiro labwino silichotsa udindo woona mkodzo ndi kufunsa wodwala ngati m'makutu mukulira kapena akumva chizungulire.

Nanga kuchedwetsa kwambiri kuli ndi vuto?

Lilipo. Kuthira jentamayisini mu lita ya madzi yoyenda maola 8 kumachotsa msinkhu wapamwamba uja, mankhwala n'kuchepa mphamvu, pamene impso zikukhala nawo nthawi yaitali. Ampisilini nayenso akasungunulidwa sakhalitsa, makamaka m'madzi a shuga, choncho amasungunulidwa nthawi yopereka itakwana, osati m'mawa kukonzeratu wa masana. Dilipi ya mphindi 30 imene yaima chifukwa chubu chapindika, n'kupezeka patatha maola atatu ili pakati, yasokoneza kale nthawi ya mlingo wotsatira. Mukaipeza yotere musatsegule kagudumu konse kuti mubweze nthawi yotayika. Pitirizani pa liwiro loyenera, lembani nthawi yeniyeni imene yathera, ndipo dziwitsani wamkulu wanu.

Zoona, mudzaona m'mawodi a odwala kwambiri meropenemu akuyenda maola atatu mwadala. Meropenemu ndi m'bale wa penisilini, ndipo banja limeneli limapha molingana ndi kutalika kwa nthawi imene mankhwala akhala pamwamba pa msinkhu wogonjetsa mabakiteriya, choncho kutalikitsa dilipi kumathandiza pa matenda ovuta. Koma zimenezi amalemba ndi dokotala, zimayenda pa pampu, ndipo zimachitika ndi mankhwala amene amadziwika kuti sawonongeka m'maola amenewo.

Wodwala ali ndi sepisisi, walemberedwa maantibayotiki awiri, kanyula ndi imodzi. Ndiyambe ndi uti?

Wodwala amene bipi yagwa chifukwa cha matenda a m'magazi amafunika antibayotiki m'kati mwa ola loyamba. Apa kupusha kuli ndi ubwino weniweni, chifukwa m'mphindi 5 mlingo wonse uli m'thupi. Ngati walemberedwa seftirayakisoni ndi vankomayisini, yambani ndi seftirayakisoni, amene amapha mitundu yambiri ya mabakiteriya ndipo amatha msanga, mutsuke bwino, kenako mupachike vankomayisini. Mukayamba ndi wa mphindi 100, winayo adikira pafupifupi maola awiri. Ngati magazi okayeza mabakiteriya akufunika, atengedwe msanga mankhwala asanalowe, koma asachedwetse mankhwalawo. Ndipo changu cha sepisisi chili pa kuyamba msanga, osati pa kufupikitsa mphindi zoperekera. Mtima wa wodwala wotere ndi umene sungapirire chigulu cha mankhwala. Kanyula yachiwiri imathetsa mavuto ambiri otere.

N'chifukwa chiyani timatsuka pakati pa mankhwala awiri, poti onse akupita m'magazi omwewo?

M'magazi amakasungunuka m'malita asanu, koma mu kanyula amakumana ali okhathamira. Ampisilini kapena penisilini akasakanizidwa ndi jentamayisini mu sirinji imodzi kapena m'thumba limodzi, jentamayisini amatha mphamvu, ndipo maso sangaone kuti chachitika n'chiyani. Aliyense akhale ndi sirinji yake, selaini pakati.

Seftirayakisoni ndi kashiamu ndiye nkhani yoopsa. Akakumana amapanga timibulu tosasungunuka. Madzi a Ringa lakiteti ali ndi kashiamu, choncho sasungunulira seftirayakisoni, ndipo seftirayakisoni sapushidwa pa chubu chimene Ringa akuyenda. Kwa wamkulu, imitsani Ringa, tsukani bwino ndi selaini, perekani mankhwala, tsukaninso, kenako muyambitsenso Ringa. Kwa khanda la masiku 28 kapena ocheperapo limene likulandira kapena likuyembekezeka kulandira madzi okhala ndi kashiamu mu mtsempha, seftirayakisoni saperekedwa n'komwe, ngakhale pa makanyula osiyana, chifukwa timibuluto tinapezekapo m'mapapo ndi mu impso za makanda amene anamwalira.

Thumba lauma. Kodi mlingo wonse walowa?

Sunalowe. Chubu cha dilipi chimasunga madzi okwana pafupifupi 15 ml mpaka 20 ml, kutengera mtundu wake. Pa thumba la lita imodzi zimenezi n'zochepa, koma pa botolo la metironidazo la 100 ml ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu kapena asanu ndi limodzi a mlingo wonse. Mukachotsa chubu n'kutaya pa mlingo uliwonse, wodwala wa katatu pa tsiku akutaya pafupifupi theka la mlingo umodzi tsiku lililonse. Njira yake ndi kulumikiza selaini pang'ono pa chubu chomwecho kuti akankhe zotsalazo, pa liwiro lomwe lija, mogwirizana ndi malangizo a chipatala chanu. Samalaninso poyamba: pochotsa mpweya m'chubu ndi madzi amene muli kale mankhwala, musalole kuti ambiri atayikire pansi.

Kwa ana ndi makanda zimasiyana pati?

Mfundo ndi yomweyo koma mpata wolakwitsa ndi wochepa. Khanda la makilogalamu 3 lili ndi magazi okwana pafupifupi 250 ml, kapu imodzi yokha. Mlingo wake ungakhale wosafika mililita imodzi, ndipo kachubu kowonjezera kangathe kuusunga wonse. Zikatero, pamene mukukankha sirinji ya mankhwala khandalo silinalandire kanthu. Limalandira pamene mukutsuka. Ndiye kuti mphindi zanu muziwerengere pa kutsukako. Selaini wotsukira akhale wochepa, wongokwanira kukankha zimene zili m'kachubu, ndipo alembedwe pa tchati cha madzi olowa m'thupi, chifukwa pa khanda timamililita timeneti timaunjikana.

Mwana akalemberedwa seftirayakisoni wa 50 mg pa kilogalamu kapena kuposerapo, monga zimakhalira pa matenda oumitsa khosi, aperekedwe pa dilipi ya mphindi zosachepera 30. Kwa khanda lobadwa kumene dilipiyo ikhale ya mphindi 60. Chifukwa chake ndi chakuti seftirayakisoni amalanda malo a bilirubini, amene amachititsa chikasu, pa mapuloteni a m'magazi, bilirubini womasukayo n'kulowa muubongo. Mankhwala akalowa mwachigulu amamasula wambiri nthawi imodzi. Khanda limene lili ndi chikasu silipatsidwa mankhwalawa. Madilipi a ana ayende pa pampu kapena pa kabotolo koyezera kokhala ndi chubu cha madontho 60, pamene masamu ake ndi osavuta: madontho pa mphindi amafanana ndi mamililita pa ola. Mwachitsanzo 30 ml yoyenda mphindi 30 ndi 60 ml pa ola, ndiye kuti madontho 60 pa mphindi.

Tchati changolembedwa mlingo ndi "IV", liwiro palibe. Wondiyang'anira akuti ndingopusha. Nditani?

Liwiro kawirikawiri sililembedwa pa tchati, chifukwa amayembekezera kuti wopereka mankhwala alidziwa kapena alifufuza. Malo oyamba kuona ndi kapepala ka m'bokosi la mankhwalawo, pagawo la kaperekedwe. Kenako buku la mankhwala obaya la pa wodi, kenako wa ku famase. Opanga osiyana nthawi zina amapereka ziwerengero zosiyanako pang'ono, choncho kapepala ka kabotolo kamene kali m'manja mwanu ndi kamene muyenera kutsata.

Ngati zimene mwauzidwa zikusiyana ndi zimene mwawerenga, nenani mwaulemu, kapepala kali m'manja: "Asisita, apa alemba kuti mankhwalawa ayende mphindi 20 pa dilipi. Mundilole ndikonze dilipi, ndiiyang'anira ndine." Mukatero mwapereka chifukwa komanso mwadzipereka kugwira ntchito yowonjezerayo, ndipo kawirikawiri chimene chimachititsa anthu kuthamanga ndi kuchuluka kwa odwala, osati kusadziwa. Pa nthawi yogawa mankhwala, yambani ndi kupachika madilipi otenga nthawi yaitali, kenako muzipusha enawo uku mukubwerera kudzawerenga madontho. Ngati mukukakamizidwabe kupusha vankomayisini, kilindamayisini kapena wina aliyense wosaloledwa, musabaye; pemphani kuti dokotala kapena wa ku famase afunsidwe kaye, mankhwala akadali mu sirinji.